Mitengo yosungira mabuku a mashopu ku Chipata: tiigawe bwanji?

Tembo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kaofesi ndi ka anthu awiri, mwini ndi kalaliki mmodzi, kosunga mabuku a mashopu muno mu Chipata. Makasitomala ndi magolosale a ku Kapata, mahadiweya awiri, ogulitsa mbewu ndi feteleza, ndi holoselo imodzi ya ku Down Shops. Pakali pano aliyense amalipira K700 pa mwezi, kaya abweretse kaenvulopu kaya katoni yodzadza malisiti. Ntchito ikuchuluka koma ndalama sizikuoneka. Ndikufuna kugawa maphukusi atatu. Malire ake ndiwaike pati, ndipo mtengo wa lililonse ndiupeze bwanji?

Zulu: Musavutike a Tembo. Tengani 1 peresenti ya zimene shopu yagulitsa pa mwezi. Wogulitsa za K60,000 apereke K600, wa K400,000 apereke K4,000. Wamkulu alipire zambiri, wamng'ono zochepa, ndipo palibe wodandaula.

Amai Banda: A Zulu, njira yanuyo imamveka yachilungamo koma imalephera pa shopu yachiwiri yomwe. Taonani awiri awa. Wina amagulitsa simenti ndi malata, za K400,000 pa mwezi, koma mainvoisi ake ndi 40 chabe, ogula ambiri amalipira kudzera ku banki, ndipo katundu amaoda kwa anthu atatu okha. Mabuku ake kalaliki amamaliza tsiku limodzi lisanathe. Wina ali ndi golosale yogulitsa za K90,000, amaoda tsiku ndi tsiku kwa aliyense wobwera ndi galimoto kapena njinga, ali ndi kope la ngongole, ndipo ndalama zimalowa pa manambala atatu a foni, imodzi mwa izo ya mkazi wake. Pa njira ya peresenti wa simenti mumuuza K4,000, ndipo popeza phindu pa thumba la simenti ndi lochepa, athawa mwezi womwewo. Wa golosale alipira K900 koma akudyerani masiku awiri athunthu. Mutsala ndi makasitomala olemetsa okhaokha.

Palinso vuto lina loopsa kuposa limenelo. Malipiro anu akamakwera ndi zogulitsa, mwini shopu amayamba kukubisirani zogulitsazo kuti akulipireni zochepa. Nambala yabodza yomweyo ndi imene mudzalembe pa ritani, lipoti la msonkho lopita ku ZRA.

Zulu: Komabe amai, shopu yaikulu ikalakwitsa chindapusa chake chimakhala chachikulu. Udindo umenewo uyenera kulipiridwa.

Amai Banda: Pamenepo ndikuvomereza. Koma udindowo umabwera ndi mtundu wa msonkho, makamaka VAT, ndipo tiuika m'phukusi lalikulu. Choyamba a Tembo adziwe kuti ola limodzi la ofesi yawo limadya ndalama zingati, chifukwa popanda nambala imeneyo mitengo yonse ndi yongoganizira. Ndiyerekeze manambala, inu muikemo anu. Lendi K3,500. Kalaliki, pamodzi ndi gawo la bwana la NAPSA ndi NHIMA, K5,000. Intaneti, mayunitsi ndi magetsi, kuphatikizapo zoyatsira makompyuta magetsi akazima, K1,800. Pulogalamu ya mabuku, mapepala ndi inki K1,200. Zolipira kamodzi pa chaka, monga za ku ZICA, bungwe la akatswiri osunga mabuku a ndalama, za ku khonsolo ndi maphunziro, mukazigawa pa miyezi 12, K1,500. Mayendedwe K1,000. Kenako malipiro a mwini ofesi, amene ambiri amaiwala kuwalemba ngati kuti iwo sadya, K14,000. Zonse pamodzi K28,000 pa mwezi.

Tsopano maola. Musawerenge masiku 22 kuchulukitsa ndi maola 8, chifukwa tsiku limathera m'zinthu zimene simungalipiritse munthu: kulonjera makasitomala, kulonjerera ngongole, kudikira kuti TaxOnline, webusayiti ya ZRA yotumizira maritani, itseguke. Kalaliki akagwira maola 110 a ntchito yeniyeni ya makasitomala pa mwezi wachita bwino, ndipo mwini 90. Ndi maola 200. K28,000 kugawa ndi 200 ndi K140. Imeneyo ndi yongobweza zimene mwawononga. Onjezani kota yake, ya msonkho wa ofesi, ya osalipira ndi yogulira kompyuta ina ikafa iyi, mufika pa K175 pa ola. Ndiye K700 ya a Tembo ikugula maola anayi. Kasitomala aliyense wodya kuposa pamenepo akusungidwa ndi anzake.

Tembo: Zamveka. Ndiye malire ndiwayeze ndi maola? Mwini shopu sangavomere kuti ndizimuuza maola amene iye sanawaone.

Amai Banda: Maola ndi a mumtima mwanu. Kwa kasitomala mumaika zinthu zimene iye mwini angawerenge: mapepala angati pa mwezi, antchito angati, maakaunti a banki ndi manambala a foni angati, ndiponso misonkho imene analembetsa. Zinayi zimenezo ndizo zimabala maola.

Phukusi laling'ono likhale la shopu imodzi yolipira TOT, msonkho wa pa zogulitsa wa mabizinesi ang'onoang'ono, yopanda antchito olembetsedwa, mapepala osapitirira 80, nambala imodzi ya ndalama za pa foni. Kulowetsa mapepala 80 ndi maola awiri, ritani theka la ola, kuunika ndi kuimbira mwini theka lina. Maola atatu kuchulukitsa ndi K175 ndi K525, inu nenani K550. Chimene amalandira ndi ritani ya mwezi, nambala ya PRN yolipirira, ndi tsamba limodzi losonyeza zolowa ndi zotuluka. Basi.

Lapakati ndi la shopu yokhala ndi antchito mpaka asanu, mapepala mpaka 250, akaunti imodzi ya banki ndi manambala awiri a foni. Kulowetsa kumatenga maola anayi ndi theka, malipiro a antchito ndi maritani a PAYE, NAPSA ndi NHIMA ola limodzi ndi theka, kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ola limodzi, TOT ndi kuunika kwa mwini ofesi ola linanso. Maola asanu ndi atatu, K1,400. Muno muikemo mndandanda wa amene ali ndi ngongole ku shopu ndi amene shopu ili nawo ngongole, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene eni mashopu amawerengadi.

Lalikulu ndi la olembetsedwa pa VAT, mapepala mpaka 600, antchito mpaka 15, ndi ulendo umodzi wa ku shopu pa mwezi. Mapepala amatenga maola 9, malipiro a antchito 2, kufananitsa 2, ulendo 2, ndipo VAT yokha 3, chifukwa invoisi iliyonse yogulira iyenera kuonedwa ngati ili yoyenera kubwezera msonkho, ndipo zogulitsa za m'mabuku zifanane ndi zimene zadutsa mu Smart Invoice, dongosolo la ZRA lotulutsira mainvoisi. Ndi maola 18, K3,150, inu nenani K3,200. Udindo umene a Zulu amanena uli mu maola atatuwo, ndipo amawagwira ndi mwini ofesi, osati kalaliki.

Daka: Amai, ine ndine wa pa kiyibodi, ndiye ndifunse: pepala limodzi ndi chiyani? Mkangano wonse umayambira pamenepo. Golosale imodzi imagulitsa kwa anthu 200 pa tsiku. Mwini akalemba chiwerengero cha tsiku lonse pa mzere umodzi madzulo, mwezi wonse ndi mizere 30. Akapanda kutero n'kubweretsa timapepala tonse, ndi zikwi. Sitetimenti ya Airtel Money kapena MTN MoMo nayo imatha kukhala ndi mizere 600, mosakanikirana malonda, ndalama yotumizira mwana ku sukulu, ndi ya chilimba. Ikabwera ngati fayilo yotseguka mu Excel ndimaisanja msanga. Ikabwera ngati zithunzi za mauthenga pa WhatsApp ndiyenera kulemba mzere uliwonse ndi dzanja.

Ndiye m'kalata ya mgwirizano mulembe momveka. Chiwerengero cha zogulitsa za tsiku limodzi ndi pepala limodzi. Lisiti lililonse logulira katundu ndi pepala limodzi. Mizere khumi ya sitetimenti ya fayilo ndi pepala limodzi, koma ya pa chithunzi mzere uliwonse ndi pepala palokha. Mukatero anthu amaphunzira okha kupempha sitetimenti yeniyeni.

China, malisiti a pa makina aja opyapyala amafufutika akakhala padzuwa kapena m'thumba la pulasitiki pafupi ndi mafuta ophikira. Lisiti looneka bwino ndi mphindi imodzi. Lofufutika ndi mphindi zisanu ndi foni imodzi. Awuzeni aziwajambula tsiku lomwelo.

Amai Banda: Achemwali anena zoona, ndipo lamulo la mizere khumi lija litengeni momwe liliri. Pa zopyola malire, ikani K150 pa mapepala 50 alionse owonjezera ndi K60 pa wantchito aliyense wowonjezera. Akapyola miyezi iwiri yotsatizana, mwezi wachitatu mumakhala naye pansi n'kuona ngati phukusi lake likumukwanabe. Mwezi umodzi wokha musamusunthe, chifukwa Disembala aliyense amapyola.

Sakala: Ndayesa masamu anu amai. Wa phukusi laling'ono akabweretsa mapepala 250, wapyola ndi 170, ndiye alipira K150 kanayi, K600. Pamodzi K1,150. Lapakati ndi K1,400. Asamukiranji?

Amai Banda: Asasamuke, ngati alibe antchito olembetsedwa. K250 yotsalayo ndi ya malipiro a antchito ndi kufananitsa ndi banki, zimene iye sakulandira. Inu mwagwira maola pafupifupi asanu ndi limodzi n'kulandira K1,150, simunaluze. Koma dziwani kuti shopu yofika mapepala 250 pa mwezi siyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Pali mnyamata wonyamula katundu ndi mtsikana wa pa kauntala amene sanalembetsedwe ku NAPSA, ndipo nkhani yoti mukambe ndi mwini ndi imeneyo.

Sakala: Chabwino. Koma ine phukusi laling'onolo sindilikhulupirira konse. Pa pepala ndi maola atatu. Zenizeni, wa K550 ndi amene amaimba foni kasanu pa sabata, amabwera yekha ku ofesi kudzakhala ola lathunthu, amachedwa kulipira, ndipo akamva kuti wina pafupi ndi msika amatumiza ritani pa K150 amapita osatsanzika. Anthu 20 otere akupatsani K11,000 ngati onse alipira. Asanu akapanda kulipira mwataya K2,750, pamene phindu lonse la ofesi mwezi umenewo mwina ndi K6,000. Kuli bwino kuyambira pa K1,400 n'kusiya ang'onoang'ono.

Nyirenda: Mu Chipata mwina, a Sakala. Kuno ku Lundazi mukasiya ang'onoang'ono mutseka ofesi, chifukwa olembetsedwa pa VAT ndi owerengeka. Ndiponso wa golosale wa lero ndi amene mawa amatsegula holoselo. Chofunika ndi kuliteteza phukusilo kuti lisatupe. Azilipira mwezi usanayambe kapena miyezi itatu pamodzi. Mapepala azibweretsa yekha, inu osapita kukatenga. Mafunso akhale a pa foni, kamodzi pa mwezi pomuuza za msonkho wake. Akafuna kukhala nanu pansi kukamba za ngongole ya ku banki, imeneyo ndi ntchito ina ya mtengo wake.

Mwale: Pepani kulowerera, ine ndine wa hadiweya, ndimangowerenga. Ndili ndi antchito anayi ndipo ndimalipira TOT. Ndiye K1,400 imene mukunenayi, msonkho wa ZRA ndi NAPSA zili momwemo? Ngati zili momwemo ndi yotchipa ndithu. Ngati mulibe, mwana wa mlongo wanga amanditumizira ritani pa K200, ndiye K1,200 inayo ndikugula chiyani?

Tembo: Mulibe bambo. K1,400 ndi ya ntchito ya ofesi chabe. Msonkho ndi zopereka za antchito mumalipira nokha.

Amai Banda: A Mwale, funso lanu lathandiza, chifukwa likusonyeza mzere woyamba woti ulembedwe pa pepala la mitengo ndi zilembo zazikulu. Anthu ambiri amamva monga mwamvera inu. Ofesi isamalandire n'komwe ndalama za msonkho m'manja. Ikatumiza ritani ipereke PRN, mwini shopu alipire yekha ku banki kapena pa foni, n'kutumiza umboni. Ndalama za msonkho zikadutsa mu akaunti ya ofesi, tsiku lina zidzalipira lendi, ndipo pamenepo ndi pamene maofesi aang'ono amafera.

Za mphwanu, iye amalemba nambala imene inu mwamuuza. Palibe amene waifananitsa ndi banki kapena ndi foni. Tsiku limene a ZRA adzapemphe mabuku, kapena banki ikadzafuna kuona mmene shopu ikuyendera musanakongole, nambala zija zidzasowa pochokera. Ndiponso antchito anayi amabweretsa ntchito ya mwezi uliwonse: NAPSA ndi 5 peresenti ya wantchito ndi 5 ya bwana, NHIMA ndi 1 ndi 1, ndipo zimenezi zimalipiridwa ngakhale malipiro ali ochepa moti PAYE sikuwakhudza. Funsani mphwanuyo ngati zimenezi akutumiza.

Mwale: Ndikamufunsa madzulo. Koma K1,400 mu Febuluwale ndi yambiri, amai. Miyezi imeneyo timangogulitsa misomali.

Nyirenda: Bambo Mwale akhudza chimene chimavuta kwambiri kuno kum'mawa. Maphukusi a amai Banda akuyesa kuti miyezi yonse ndi yofanana, pamene malonda athu amatsata munda. Tengani wogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala amatha kufika mapepala 700 pa mwezi, ndipo amalemba aganyu. Januwale amatsika kufika 300. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo ndi 60 chabe. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, anthu akagulitsa chimanga, soya ndi nsawa, iye amagulitsa masaka ndi mankhwala osungira chimanga, mwina 200 pa mwezi. Chaka chonse ndi 2,100 kuphatikiza 300, 180 ndi 1,000, zonse 3,580. Kugawa pa 12 ndi pafupifupi 300 pa mwezi. Ndiye ndi wa phukusi lapakati ndi kachowonjezera kamodzi, K1,550 mwezi uliwonse, K18,600 pa chaka. Mukatsata lamulo la miyezi iwiri lija mumukweza ku lalikulu mu Disembala, n'kumutsitsa mu Febuluwale, n'kukangana naye kawiri pa chaka. Kwa otere werengani malire pa chaka, osati pa mwezi.

Sakala: Ndipo akalowa mu Okutobala, n'kulipira K1,550 miyezi itatu imene kalaliki wanu akugona pa ofesi, kenako n'kuchoka mu Febuluwale? Mapepala 700 ndi maola oposa 12 olowetsa okha, osawerengera zina. Mwagwira ntchito ya K2,800 pa mwezi n'kulandira K1,550, ndipo miyezi yopepuka yoti mubwezerepo simunaione.

Nyirenda: N'chifukwa chake mgwirizano wotere uziyamba mu Febuluwale kapena Meyi, kuti miyezi yopepuka ibwere patsogolo. Wobwera mu Okutobala alipire mwezi ndi mwezi monga mwa mapepala ake mpaka Januwale.

Zulu: Koma mu Febuluwale ndi mmene alibe ndalama, monga anenera a Mwale. Mukumupempha K1,550 pa mwezi umene wabweretsa mapepala 60. Adzaona ngati mukumubera. Ine ndingagawe K18,600 ija mosafanana: K1,000 pa miyezi inayi ya njala, kuyambira Januwale mpaka Epulo, ndi K1,825 pa miyezi isanu ndi itatu inayo. Pamodzi ndi K18,600 yomweyo.

Amai Banda: Apa a Zulu mwalasa. Kungoti ofesi nayo iyenera kudziwa kuti lendi ndi malipiro a kalaliki sizitsika mu Febuluwale. Makasitomala a nyengo akachuluka, onse n'kulipira zochepa miyezi yomweyo, njala ya m'mashopu yalowa mu ofesi. Ine sindingapereke dongosolo limeneli kwa anthu opitirira atatu kapena anayi. A Sakala sakhutira, ndikudziwa.

Sakala: Sindinakhutire. Mgwirizano wa chaka ndi munthu wa shopu ndi pepala chabe. Simudzapita naye ku khoti chifukwa cha K4,000.

Tembo: Ndibwerere pa kuchuluka kwa makasitomala. Ndi maola 200, ndikuona kuti ndingatenge ang'onoang'ono 20, apakati 10 ndi aakulu atatu. Maola ndi 60, 80 ndi 54, onse 194. Ndalama ndi K11,000, K14,000 ndi K9,600, zonse K34,600, pamene zowononga ndi K28,000. Zikuoneka kuti zikutheka.

Amai Banda: Masamu ali bwino, koma kalendala ikukanizani. Maola 194 amenewo sagawika mofanana pa mwezi. PAYE, NAPSA ndi NHIMA zimafunika pofika pa 10. TOT pa 14. VAT pa 18. Ndiye ntchito yambiri iyenera kutha m'masiku 18 oyambirira, ndipo mwa masikuwo ogwira ntchito ndi 13 kapena 14. Anthu awiri, ngakhale atalimbikira maola 6 a ntchito yeniyeni pa tsiku aliyense, ndi maola pafupifupi 160, ndipo pamenepo tikuyesa kuti mapepala onse afika pa 1, zimene sizichitika. Kuyambira pa 19 mpaka kumapeto kwa mwezi ofesi imakhala ndi mpata koma palibe ritani yoti itumizidwe.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, phukusi lililonse likhale ndi tsiku lake lomaliza kubweretsa mapepala. Za malipiro a antchito zifike pa 3. Mapepala a TOT pa 5. A VAT azibweretsa sabata iliyonse, osadikira kutha kwa mwezi, kuti kulowetsa kuzichitika m'masiku opanda phokoso aja, ndipo a phukusi lapakati azibweretsa kawiri, pa 20 ndi pa 5. Chachiwiri, gawani ntchito ya m'phukusi pawiri, yothamangira tsiku la ZRA ndi yodikira. Mndandanda wa ngongole, kufananitsa ndi banki ndi ulendo wa ku shopu mulonjeze kuti zidzafika pa 25. Mukalonjeza zonse pa 14 mudzalephera mwezi uliwonse.

Daka: Ndipo wobweretsa mochedwa? Pali ena amafika pa 13 madzulo ndi thumba la shuga lodzadza malisiti.

Amai Banda: Alipire kota ya mtengo wa phukusi lake pamwamba, ndipo kalata inene kuti chindapusa chobwera chifukwa cha kuchedwa kwakeko ndi chake. Koma mbali inayo ilembedwenso. Ngati mapepala anafika pa nthawi yake ofesi n'kuchedwa kutumiza, chindapusa cha kuchedwa kutumiza ilipire ofesi. Mwini shopu akaona mzere umenewo amasaina mosavuta. Kuti pasakhale kukana, pakhale kope pakhomo lolemba tsiku limene envulopu yafika ndi chiwerengero cha mapepala, wobweretsayo n'kusainira. Kope lomwelo ndi limene mudzagwiritse ntchito polipiritsa zopyola malire.

Zulu: Nanga za pa chaka? Malipoti a chaka, ritani ya msonkho wa phindu imene imafunika pofika pa 21 Juni, ritani ya ku PACRA kolembetsera mabizinesi, chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Ine ndimati zonse zilowe m'phukusi kuti munthu azidziwa nambala imodzi.

Amai Banda: Za PACRA ndi chikalata cha msonkho zingalowe mu lapakati ndi lalikulu, ntchito yake yokha, ndalama zolipira kumeneko ndi za mwini. Sizitenga nthawi ngati maritani onse a mwezi anatumizidwa. Koma malipoti a chaka ndimawasiya kunja. Amafuna kuwerenga katundu wa m'shopu, ndipo hadiweya yokhala ndi mitundu 1,500 ya tinthu siyifanana ndi holoselo ya mitundu 60, ngakhale onse ali m'phukusi limodzi. Mtengo wake muuike mutaona shopu, kawirikawiri umakhala ngati malipiro a miyezi iwiri kapena itatu ya phukusi lake. Mwayi wake kuno, bilu imeneyo imafika mu Meyi ndi Juni, mmene ndalama za zokolola zayamba kuyenda m'mashopu.

Zina zoti zilembedwe kuti zili kunja: kulembetsa TPIN kapena VAT, kuika Smart Invoice ndi kuphunzitsa wa pa kauntala, kuyankha a ZRA akabwera kudzafufuza mabuku, mapepala opemphera ngongole, ndi katundu wolowa pa Mwami kuchokera ku Malawi wopanda mapepala a pa chipata. Zimenezi ndi za pa ola, ndipo ola lake si K175 ayi, chifukwa amagwira ndi mwini ofesi yekha. K300 kapena K350 si yochuluka. Za odeti musalonjeze n'komwe ngati chiphaso chanu cha ZICA sichikuloleza.

Nyirenda: Onjezani mtunda. Ulendo wa m'phukusi lalikulu ndi wa mkati mwa tauni. Shopu ya ku Katete, Chadiza kapena Sinda ndi theka la tsiku kapena tsiku lonse, ndiye mafuta ndi maola a panjira zilipiridwe padera, kapena muphatikize makasitomala a njira imodzi tsiku limodzi n'kuwagawira.

Tembo: Pali mmodzi akufuna kulowa koma sanatumize maritani a TOT miyezi 14, ndipo akuti ndimuike m'phukusi laling'ono, za m'mbuyozo ndingomuthandiza.

Amai Banda: Musayambe mwezi watsopano musanagwirizane za miyezi 14. Imeneyo ndi ntchito yapayokha. Yambani ndi kufufuza kolipiritsa, maola awiri, K600: mulowe naye pa TaxOnline muone misonkho imene analembetsa ndi miyezi imene ikusowa, chifukwa nthawi zambiri mumapeza analembetsanso PAYE kalekale n'kuiwala, ndipo maritani ake akusowanso. Kenako tengani mapepala a miyezi iwiri, umodzi wa malonda ambiri ndi wina wa njala, muone mmene alili. Ngati alipo ndipo ndi osanjika, mwezi uliwonse wa m'mbuyo ndi K550 yomweyo, K7,700 yonse. Ngati zogulitsa muyenera kuzifukula kuchokera m'masitetimenti a foni ndi m'makope a oda, onjezani theka, K825 pa mwezi, K11,550. Alipire theka musanayambe, ndipo mumuuze poyera kuti msonkho wa miyezi imeneyo, chindapusa ndi chiwongoladzanja zikubwera pamwamba. Ambiri akamva zimenezi amapempha kuti mungotumiza maritani opanda kanthu. Shopu yotsegula tsiku lililonse singakhale ndi ziro miyezi 14, ndipo dzina limene lidzafunsidwe ndi lanu.

Sakala: Chatsala ndi amene alipo kale pa K700. Ena atsika kufika K550, ena akwera kufika K3,200. Wa holoselo uja simungamuuze kuti kuyambira mawa alipire kanayi ndi theka.

Amai Banda: Asanauze aliyense, a Tembo alembe maola ndi mapepala a kasitomala aliyense kwa miyezi iwiri, kuti manambala anga ongoyerekezawa alowedwe m'malo ndi awo. Kenako apite kwa wa holoselo ndi kope m'manja, amuonetse mapepala ake 550 ndi masiku amene amatenga. Amupatse miyezi iwiri ya chenjezo, ndi kukwera kwa masitepe awiri, K2,000 kwa miyezi itatu kenako K3,200. Akakana, maola 18 amenewo akwanira apakati awiri olipira K2,800. Otsika aja musawatsitse. Asiyeni pa K700 n'kuwawonjezera kanthu kotchipa kwa inu, monga ritani ya PACRA.

Zulu: Koma akamva kuti watsopano akulipira K550? Ku Kapata nkhani siigona.

Sakala: Ndiye laling'onolo lingoyambira pa K700 kwa onse, muone ngati a Nyirenda adzapezabe makasitomala ku Lundazi.

Nyirenda: Pa K700 kuno sindipeza. Mu Chipata yesani.

Tembo: Ndiyamba ndi kope la pakhomo ndi kulemba maola kuyambira pa 1. Achemwali a Daka, mizere ya sitetimenti ya banki nayo muiwerenga khumi pa pepala limodzi ngati ya foni?

Daka: Ikabwera ngati fayilo, inde. Koma ndalama zoikidwa ndi manja ku banki zopanda dzina la woika ndimaziwerenga payokhapayokha, chifukwa iliyonse ndiyenera kuimbira mwini shopu kuti andiuze ngati ndi malonda, ngongole yobwezedwa, kapena ndalama ya fodya wa kumunda kwake.